Dzina Lako Likunena Chiyani? Lidachokera Kuti?

Ana inu, m'mawa uliwonse mphunzitsi amaitana maina. Amaitana Chisomo, Pedro, Ana, Tomás ndi Fátima. Tikamva dzina la Chisomo, tonse timadziwa zimene likunena, chifukwa ndi mawu a Chinyanja. Koma tikamva dzina la Pedro, ambiri timangovomera osadziwa kuti likunena chiyani. Ena amaganiza kuti maina otere ndi opanda tanthauzo. Ayi, tanthauzo lilipo, kungoti lili m'chinenero china.

Pa dzina lililonse tingafunse mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, "Kodi dzinali likunena chiyani?" Yankho lake ndilo tanthauzo. Lachiwiri ndi lakuti, "Kodi dzinali lidabadwira m'chinenero chiti?" Yankho lake ndicho chiyambi. Tanthauzo ndi chiyambi si chinthu chimodzi. Munthu akati, "Dzina langa ndi la m'Baibulo," kapena akati, "Ndi lachizungu," watiuza njira imene dzinalo lidadzera. Sanatiuze zimene likunena.

Ulendo wa dzina la Pedro

Taganizani za mtsinje wa Zambezi. Ife timauona pa Tete, koma sudayambire pa Tete. Udayambira kutali, m'dziko la Zambia, ndipo umadutsa maiko angapo usanafike kwathu kuno. Dzina nalo limayenda ulendo wotere.

Dzina la Pedro lidayambira m'Chigiriki, chinenero cha anthu a ku Girisi. Kumeneko ankati Petros, kutanthauza mwala. Mmodzi mwa ophunzira a Yesu, Simoni, adapatsidwa dzina limeneli, ndipo Akhristu ambiri adayamba kutcha ana awo dzina lomwelo. Aroma, amene ankayankhula Chilatini, ankati Petrus. Chipwitikizi chidabadwa kuchokera ku Chilatini, ndipo Apwitikizi adati Pedro. Iwo adafika m'mbali mwa nyanja ya Mozambiki m'chaka cha 1498, pambuyo pake nkukwera ndi mtsinje wa Zambezi. Umu ndi mmene dzinali lidafikira kwa ife.

Anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia adalimva kwa Angerezi, ndipo amati Pita. M'mabuku a tchalitchi a Chinyanja timawerenga kuti Petro kapena Petulo. Choncho Pedro, Pita ndi Petulo ndi dzina limodzi lovala malaya osiyana. Chiyambi chake ndi Chigiriki. Tanthauzo lake ndi mwala.

Pamene mudzayamba kuphunzira Chipwitikizi, mudzamva kuti mwala amautcha pedra. Tatchulani mokweza: Pedro, pedra. Mwamva kufanana kwake? Mawu awiriwa ndi apachibale, adachokera ku muzu umodzi.

Khutu likhoza kutinamiza

Komatu si nthawi zonse pamene mawu omveka mofanana amakhala apachibale. Tiyeni tione dzina la Ana. M'Chinyanja timati mwana mmodzi, ana ambiri. Tsono wina angaganize kuti mtsikana wotchedwa Ana, dzina lake likunena za ana. Kumeneko ndi kulakwa. Dzinali silidabadwire m'Chinyanja. Lidabadwira m'Chihebri, chinenero cha Aisraele akale. Iwo ankati Hana, monga amayi ake a mneneri Samuele, ndipo tanthauzo lake ndi chisomo.

Nanga tingadziwe bwanji ngati khutu latinamiza? Tiyambe tafunsa za chiyambi, kenako tifunse za tanthauzo. Pedro ndi pedra tingawatsate onse awiri mpaka ku Chigiriki. Koma dzina la Ana likatitengera ku Chihebri, mawu akuti ana amatsala konkuno. Adangokumana pakamwa, si abale ayi.

Tsopano taonani chinthu chokondweretsa. Dzina la Graça lidachokera ku Chilatini kudzera m'Chipwitikizi, ndipo likunena chisomo. Dzina la João, limene m'Chinyanja timati Yohane, lidachokera ku Chihebri, ndipo likunena kuti Mulungu wachita chisomo. Choncho Chisomo, Ana ndi Graça akakhala pa mphasa imodzi, maina awo akunena chinthu chimodzi, ngakhale adachokera ku zinenero zitatu. João naye akhoza kukhala nawo pafupi. Palibe amene ayenera kuchita manyazi ndi dzina lake. La Chinyanja si lotsika, ndipo lochokera kutali si lapamwamba.

Dzina limodzi, njira ziwiri

Dzina la Fátima lidabadwira m'Chiarabu. Likunena za kuleka kuyamwa, monga mayi amaletsera mwana bere akakula. Mwana wamkazi wa mneneri Muhamadi ankatchedwa Fatima, ndipo Asilamu amalikonda dzinali chifukwa cha iye. Koma ku Portugal kulinso mudzi wotchedwa Fátima. Akatolika amakhulupirira kuti Maria adaonekera kwa ana atatu oweta nkhosa pamudzipo m'chaka cha 1917. Chifukwa cha ichi, iwonso amatcha ana awo Fátima.

Tsono mukakumana ndi mtsikana wa dzina limeneli, musafulumire kunena kuti kwawo amapemphera kwakuti. Dzinali lidatipeza podzera njira ziwiri, ya ku mzikiti ndi ya ku tchalitchi.

Kwa inu makolo

Kwathu kuno dzina kawirikawiri limasimba nkhani ya pakhomo. Mwana wobadwa nthawi ya masautso amatchedwa Mavuto. Wobadwa mitima ili m'malo angatchedwe Mtendere. Aliyense akamva dzinalo amazindikira zimene zidachitika.

Maina ochokera kunja satero kawirikawiri. Dzina la Tomás lidabadwira m'Chiaramu, chinenero chimene Yesu ankayankhula, ndipo likunena munthu wobadwa mapasa. Koma a Tomás ambiri adabadwa okha. Dzina la Paulo ndi la Chilatini, likunena wamng'ono, chonsecho tili ndi a Paulo aatali ngati mlongoti. Makolo awo sadaganize za mapasa kapena za msinkhu. Adatcha mwana dzina la agogo ake, la amalume ake, la mzamba, kapena la woyera mtima wa tsiku la ubatizo.

Apa mpamene pali funso lachitatu, lakuti, "Kodi ine adandipatsiranji dzina limeneli?" Mphunzitsi angathandize mwana wanu kupeza chiyambi ndi tanthauzo. Koma funso lachitatuli silipezeka m'buku lililonse. Odziwa ndinu, pamodzi ndi amene adamutcha dzinalo. Mukapanda kumuuza, nkhaniyo idzapita ndi inu. Ndipo mwana wanu akadzabwera akulira kuti anzake amuseka chifukwa dzina lake likunena wamng'ono, mumuuze kuti tanthauzo la dzina silinena mmene munthu alili. Pedro si wouma mutu ngati mwala.

Ntchito ya kunyumba

Ana inu, madzulo ano mukakhale pafupi ndi amayi, abambo kapena agogo. Mukawawerengere tsamba ili, kapena iwo akuwerengereni. Kenako mukafunse mwaulemu kuti, "Agogo, ndani adanditcha dzina langa? Nanga adalisankhiranji?"

Mawa tidzajambula mizere itatu pa bolodi. Pa mzere woyamba tidzalemba dzina, pa wachiwiri chiyambi, pa wachitatu tanthauzo. Tidzayamba ndi Pedro, Chigiriki, mwala. Kenako aliyense adzaimirira kutiuza zimene agogo adanena.