Kusiya Nyimbo M'malere pa Gitala

Nyimbo zambiri zachikhalidwe zoimbidwa pa gitala zimayenda ndi makodi atatu okha, monga G, C ndi D. Makodiwa ndi okhazikika kwambiri, moti nthawi zina amatseka mzere umene woimba amafuna kuusiya ngati funso. Mankhwala ake ali m'noti imodzi.

Kodi ya D ili ndi manoti atatu: D, F# ndi A. Yapakatiyo, F#, ndiyo imauza khutu kuti kodiyi ndi yansangala. Ikatsika pang'ono kukhala F, kodiyo imamveka yachisoni. Koma mukaichotseratu n'kuikapo G, mwapanga Dsus4, yomwe siinena chilichonse mwa ziwirizi. Khutu limangodikira kuti G itsikire ku F#. Mukapanda kuitsitsa, nyimbo imatsala m'malere. Pa gitala n'zosavuta: gwirani D, kenako ikani chala chakaniche pa fureti yachitatu ya nsambo yopyapyala kwambiri. Mukatukula chala chapakati, nsamboyo n'kulira yosagwidwa, mwapeza Dsus2.

Cadd9 ndi ina. Apa simuchotsa kanthu: C, E ndi G zonse zilipo, mumangowonjezera D pamwamba. Kodiyo imakhalabe yansangala, koma imamveka yotakasuka.

Tiyese nyimbo ya mu G. Ikani chala champhete pa fureti yachitatu ya nsambo yachiwiri, chakaniche pa fureti yomweyo ya nsambo yoyamba. Zala ziwirizi zisasunthenso. Zinazo ndizo ziziyenda, kuchoka pa G kupita pa Cadd9, kenako pa Dsus4. Manoti a D ndi G azilira pamwamba osalekeza pamene pansi pakusintha, ndipo kukoma konse kwagona pamenepo. Malizani mzere woyamba pa Dsus4, mupume pang'ono, G ibwere poyambira mzere wotsatira. Oimba ambiri a nyimbo za ku Ireland ndi Scotland amapitirira apa: amachuna gitala yonse kukhala DADGAD, kachunidwe kamene Davey Graham wa ku Britain anakatchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Nsambo zake zikalira zosagwidwa zimatulutsa Dsus4.

Vuto limabwera pamene gitala yaiwala woimba. Ngati mawu ake akhazikika pa F# inu mukuliza Dsus4, F# ndi G zimagundana chifukwa n'zoyandikana kwambiri. Mudzamva kunjenjemera kowawa m'khutu, ndipo woimba amayamba kutsetsereka osadziwa chalakwika. Pamenepo gwirani D wamba kapena Dsus2. Dsus4 imakhala bwino mawu akatera pa A kapena D.

Ine ndimaona kuti kodi iliyonse ikasiyidwa yolenjekeka, womvera amatopa ndi kudikira, ndipo funso lija limasowa mphamvu. Sankhani mzere umodzi, umene mawu ake akunena za kulakalaka kapena kutsanzikana, ndipo umenewo ndiwo muusiye wosatseka.