Positi yanu ikudikira kuti, m'foni kapena pa seva?

Anthu ambiri ogulitsa malonda pa Facebook ndi pa Instagram anaphunzira kale kuti positi ili ndi nthawi yake. Ya chakudya chamasana imayenera kutuluka cha m'ma 10 koloko, anthu a m'maofesi asanaganize kodyera. Ya zovala imayenda bwino madzulo, anthu ataweruka. Vuto ndi loti nthawi yabwino yopositira sipangana ndi magetsi. Ikamakwana 10 koloko ija, foni ili pa 3 peresenti, kapena yafa kale, kapena ili moyo koma netiweki ikungozungulira.

Sitinaiwale momwe zinthu zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. A ku Zambia anaona zoposa pamenepa mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, pomwe madera ena ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Ndipo magetsi akathima nthawi yaitali sifoni yokha imavutika. Nsanja za netiweki nazo zimadalira mabatire ndi majenereta, ndiye intaneti imayamba kufooka pa nthawi yomweyo imene mukuifunitsitsa.

Ambiri akamva kuti positi ikhoza kukonzedweratu kuti idzatuluke yokha, amathamangira kukatsitsa apu iliyonse yolonjeza zimenezi. Funso limene sayamba adzifunsa ndi lakuti: kuyambira pamene ndamaliza kuilemba mpaka nthawi yotuluka, positiyi ikhala ikudikira kuti?

Malo odikirira alipo awiri. Oyamba ndi m'foni mwanu momwemo. Apu imasunga chithunzi ndi mawu, n'kutchera alamu, ndipo nthawi ikakwana imadzuka n'kutumiza. Kuti zimenezi zitheke, pa mphindi imeneyo foni ikhale yoyaka, bandulo ikhalepo, netiweki ikhale ikugwira, komanso apuyo ikhale isanagonetsedwe. Chomalizachi ndi chimene chimapweteka anthu mosadziwa. Mafoni a Android amatseka mapulogalamu ogwira ntchito mobisika pofuna kusunga moto, ndipo amachita zimenezi mwamphamvu mukayatsa `Battery Saver`. Kodi timayatsa liti chimenechi? Magetsi akathima. Ndiye kuti pa tsiku lenileni limene munafuna thandizo, foni yanu yomwe ndi imene imatsekereza positi.

Malo achiwiri ndi pa seva, kompyuta ya kampani imene ili kutali, m'nyumba zokhala ndi magetsi ndi intaneti usana ndi usiku. Izi ndi zimene amazitcha kilaudi. Mumatumiza positi yonse lero, chithunzi ndi mawu ndi nthawi yake, ndipo imakaima pamzere kumeneko. Zili ngati uthenga wa malonda umene mwakasiya kunyumba youlutsira mawu Lolemba kuti akauwerenge Lachinayi: adzauwerenga ndithu, kaya wailesi ya kunyumba kwanu ili ndi mabatire kapena ayi.

Zipangizo zake si zamtengo wapatali. Meta Business Suite ndi yaulere, ndipo imasunga pamzere mapositi a peji ya Facebook ndi a Instagram. Buffer ili ndi gawo laulere lolola maakaunti atatu, iliyonse mapositi 10 odikira nthawi imodzi. Pa Telegram, uthenga umene mwautcherera nthawi umasungidwa pa seva yawo. Mutha kugwiritsa ntchito foni yomwe ija pokonza zonsezi. Foni yangosiya kukhala mlonda wa nthawi, yatsala ndi ntchito yopereka katundu kamodzi basi.

Tiyerekeze mayi wophika makeke ku Ndirande, amene akufuna mapositi awiri patsiku, 14 pamlungu: zithunzi 12 ndi makanema awiri. Zojambula ndi kulemba mawu sizifuna intaneti, choncho amazichita Loweruka, mawu n'kuwasunga m'kabuku ka m'foni pamodzi ndi tsiku ndi ola la positi iliyonse. Intaneti imafunika pa ntchito imodzi yokha, yokweza katunduyo kupita pa seva, ndipo iye ndi amene amasankha nthawi yake: Lamulungu m'bandakucha anthu asanadzaze netiweki, kapena pamene wapita m'tauni pomwe imagwira bwino.

Apa ndi pamene kulemera kwa mafayilo kumalowa, ndipo ndikufuna tiwerengere pamodzi chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa. Kanema wa mphindi imodzi wojambulidwa pa 1080p akhoza kufika mamegabayiti 100. Netiweki yofooka imathamangako pang'ono potsitsa zinthu, koma pokweza imakwawa. Tinene kuti ikukweza theka la megabiti pa sekondi. Megabayiti imodzi ndi mamegabiti 8, ndiye kanema uja ndi mamegabiti 800, ndipo adzatenga masekondi 1,600, pafupifupi mphindi 27. Pa mphindi zonsezo netiweki isaduke, foni isathime, munthu asaimbe n'kusokoneza. Kanema yemweyo akadulidwa kufika masekondi 30 n'kuchepetsedwa pa 720p akhoza kutsika mpaka mamegabayiti 10, amene akwera m'mphindi zosakwana zitatu. Zithunzi 12 zochepetsedwa kufika makilobayiti 300 chilichonse sizikwana n'komwe mamegabayiti anayi. Mlungu wonse wa mayiyu ndi mamegabayiti pafupifupi 24, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a kanema mmodzi wosachepetsa uja. Ayambe ndi zithunzi, makanema pomaliza, kuti netiweki ikaduka panjira zambiri zikhale zitafika kale.

Kudina batani sikutanthauza kuti positi yafika. Netiweki ikaduka kanema ali pakati, positi ikhoza kutsalira m'foni kapena kugwera m'gulu la `Drafts`, momwe zinthu zimangokhala mpaka mwini wake adzazikhudze. Mayiyu asatseke apu asanatsegule mndandanda wa `Scheduled` mu Meta Business Suite, kapena `Queue` mu Buffer, n'kuwerenga: kodi alipo 14? Kodi iliyonse ikuonetsa chithunzi chake ndi ola lake? Ngati wasankha Buffer yaulere, malire a mapositi 10 aja akutanthauza kuti mzere wake ufika masiku asanu okha, ndiye Lachinayi ayenera kuwonjezera. Ndi bwino kuwonjezera mzere usanathe, kukadali mapositi a masiku awiri, kuti mdima wa tsiku lathunthu usaupeze uli wopanda kanthu.

Pali njira imodzi yotsimikizira kuti apu imene muli nayo imasungadi zinthu pa seva, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuichita asanaikhulupirire ndi malonda ake. Konzani positi yoyeserera kuti ituluke pakatha ola limodzi. Thimitsani foni, kuthimitsiratu. Ola likadutsa, bwerekani foni ya mnzanu muone peji yanu. Ikakhalapo, mzere uli pa seva. Ikakhala palibe, ndipo ikutulukira mutangoyatsa foni yanu, dziwani kuti nthawi yonseyi imadikirira m'thumba mwanu.

Mayesowa amavumbula misampha iwiri. Woyamba uli pa Instagram. Akaunti ikakhala ya munthu wamba, osati ya bizinesi, mapulogalamu ngati Buffer saloledwa kupositi okha. Amangotumiza chikumbutso pafoni kuti nthawi yakwana, mumalize nokha. Mzere umaoneka wodzaza bwinobwino, koma foni ikafa chikumbutsocho chilibe wochimva. Kusintha akaunti kukhala ya bizinesi n'kwaulere ndipo kumachitika mu Instagram momwemo.

Wachiwiri ndi WhatsApp, kumene kunena zoona ndi kumene malonda ambiri a kuno amachitikira. Mapulogalamu ambiri apadera olonjeza kuika sitetasi kapena kutumiza uthenga m'magulu pa nthawi yake amagwira ntchito potsegula WhatsApp m'foni mwanu n'kumadina mabatani m'malo mwa chala chanu. Amafuna foni yoyaka, kawirikawiri yosakiyidwa, ndipo mumawapatsa chilolezo choona zonse zimene zili pasikirini. Ine sindingalangize munthu amene amalandirira ndalama pafoni yomweyo kuti apereke chilolezo chotere. Mayi wathu uja ndi bwino aike Facebook ndi Instagram pamzere, ndipo moto wochepa umene wapulumutsa ausungire sitetasi ndi kuyankha makasitomala, ntchito zimene zikufunabe dzanja lake.

Mzere wa pa seva nawo uli ndi matenda ake, ndipo amadziwika ndi zizindikiro. Mapositi onse akamatuluka mochedwa kapena mofulumira ndi maola ofanana, vuto ndi chigawo cha nthawi. Malawi ndi Zambia ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, ndiye apu ikakhala pa UTC positi ya 10 koloko idzatuluka 12 koloko, anthu atagula kale chakudya kwina. Sankhani `Africa/Blantyre` kapena `Africa/Lusaka`, ndipo izi zikhudze makamaka abale a ku Britain amene amayendetsa mapeji a bizinesi za kumudzi, poti kwawoko mawotchi amasinthidwa kawiri pachaka. Mapositi onse akangoima tsiku limodzi, kawirikawiri ndi chilolezo chimene munapatsa apu ngati Buffer kuti izipositi m'dzina lanu. Chimatha ntchito mukasintha pasiwedi ya Facebook, ndipo nthawi zina chimangotha chokha, ndiye muyenera kulumikizanso akauntiyo. Positi imodzi yokha ikakanika, yang'anani fayilo yake: kanema watalika, kapena chithunzi chili ndi muyezo umene Instagram salola. Mapositi olephera amaonekera mu apu momwemo, choncho magetsi akangobwera, kumeneko ndiye koyamba kusuzumira.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si mzere wolephera. Ndi mzere umene ukugwira ntchito bwino pamene mwini wake sangathe. Uvuni wa mayi uja ndi wamagetsi. Lachitatu magetsi athima m'mamawa, palibe chimene chaphikidwa, foni yafa, koma 10 koloko seva ikulengeza kuti makeke otentha alipo, bwerani. Anthu akulemba mauthenga, palibe woyankha, ena afika pakhomo n'kubwerera. Kapena pabanja pagwa zovuta, anthu ali pasiwa, peji ikuitanira anthu ku malonda otsika mtengo. Seva sidziwa za maliro.

N'chifukwa chake pamzere payenera kuikidwa zokhazo zimene zidzakhalebe zoona ngakhale tsikulo litasokonekera: zithunzi za makeke amene anapanga kale, momwe munthu angaodere, malo amene amapezeka, pempho loti oda ya keke ya ukwati ibwere kukadali masiku angapo. Mawu oti "zilipo lero" ndi mitengo ya zinthu zimene zimasintha ndi mtengo wa shuga ndi mafuta azilembedwa pa tsiku lake, ndi munthu amene waona kuti zilipodi.

Pafunikanso munthu wachiwiri wokhoza kuimitsa mzere. Meta Business Suite imalola mwini peji kupatsa wina mphamvu yosamalira mapositi kudzera pa akaunti yake ya iye mwini, popanda kugawana pasiwedi. Mayiyu asankhe mchemwali wake wa ku Lilongwe kapena ku Joni, osati woyandikana naye nyumba, chifukwa woyandikana nayeyo ali pa laini imodzi ya magetsi ndi nsanja imodzi ya netiweki, ndipo adzathimirwa limodzi. Nambala ya mchemwaliyo ilembedwe papepala. Kuimba kapena kutumiza uthenga wamba pa kafoni ka mabatani kumatheka ngakhale intaneti itakaniratu, ndipo mawu ochepa oti "imitsa ya Lachitatu ndi ya Lachinayi" ndi okwanira kuti iye atsegule `Scheduled` ali komweko n'kusuntha mapositiwo kupita mlungu wa mawa.