Kasungidwe ka Mapepala Ofunika

Pa nyumba iri yonse pali mapepala amene munthu sangawagule m'sitolo. Ena a iwo ndiwo kalata ya kubadwa, khadi la mwana la ku sikelo, satifiketi ya sukulu, laisensi yoyendetsera galimoto, pasipoti, ndi citupa cobiriwira cimene anthu acicha reji. Mzika ya Zambia imalandira reji ikakwanitsa zaka 16, ndipo ofesi yace iri pa boma, monga pa Petauke ndi pa Nyimba.

Adani a pepala ndiwo ciswe, makoswe, moto ndi denga lodontha. Cifukwa cace munthu wocenjera amaika mapepala eni-eni m'thumba la pulasitiki, nawatsekera m'citini, naciika pamwamba. Koma asanatero amayamba wajambulitsa pepala liri lonse pa makina, napita nazo zonse kwa mkulu wolumbiritsa anthu. Mkuluyo amayerekeza cojambula ndi pepala leni-leni, nadindapo cidindo. Zojambulazo ndizo zoyenda nazo pofuna malo a sukulu kapena nchito. Zina zimasungidwa kwa mbale wa mudzi wina, pakuti akuluakulu anati tsoka silinunkha. Reji ikatayika, mwini wace amakanena ku polisi, ndipo nambala ya pa cojambula imathandiza kuti apatsidwe ina.

Mapepalawa ali a mitundu iwiri. Kalata ya kubadwa ndi satifiketi sizitha mphamvu. Koma laisensi ndi pasipoti ziri ndi tsiku lace lothera, lolembedwa pomwepo. Pasipoti ya munthu wamkulu imakhala zaka 10.

Tsono pamwamba pa mapepala onse m'citinimo pamakhala pepala lina la mizere inai: dzina la cikalata, nambala yace, tsiku lothera, ndi mwezi woyamba kufunsira catsopano. Mzere wacinai ndiwo wofuna nzeru.

Mwacitsanzo, wamalonda wa nthoci wa ku Nyimba analandira pasipoti m'Julayi 2022. Idzatha m'Julayi 2032. Koma maiko ambiri salola mlendo kulowa ngati pasipoti yace yatsala ndi miyezi yosakwana 6, motero m'Januwale 2032 idzakhala itayamba kale kukanidwa. Wamalondayo acotsaponso miyezi 3 ya kufuna ndalama, kujambulitsa nkhope ndi kudikira yankho. Pa mzere wacinai alemba Okutobala 2031.

Pepala lotsekeredwa m'citini silingaitane mwini wace. Cifukwa cace banja limatsegula citini caka ciri conse m'Januwale, niliwerenga mzere wacinai, nililemba pa kalendala wa pakhoma miyezi imene yafika. Mwana wa sukulu wodziwa kucotsera akhoza kuthandiza makolo ace pa nchito imeneyi.

Mafunso

1. Cifukwa ninji zojambula zina zimasungidwa ku mudzi wina?
2. Laisensi idzatha m'Novembala, ndipo mwini wace afuna miyezi 2 yokonzekera. Alembe mwezi uti pa mzere wacinai?