K110,163 Mwalipira Ija Yapita Kuti?

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe akongola K300,000 kuti aode mabelo. Agwirizana zobweza m'miyezi itatu, K110,163 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chili 5 peresenti pamwezi. Atalipira koyamba, iwo akuganiza kuti ngongole yatsala K189,837, koma pepala la kubanki likuti K204,837. Kodi awabera?

Ayi ndithu. Ndalama yomwe munthu amalipira pamwezi imagawika pawiri. Choyamba wobwereketsa amatapapo chiwongoladzanja chake, ndipo chotsalacho ndiye chimakadula ngongole yeniyeni. Pa ndondomeko ya ngongole yonka nichepa, chiwongoladzanjacho amachiwerengera pa ndalama yomwe yatsala m'manja mwanu, osati pa yomwe munatenga tsiku loyamba.

Mwezi woyamba mayiwa ali ndi K300,000 yonse ya eni, choncho 5 peresenti yake ndi K15,000. Tikaichotsa pa K110,163 patsala K95,163, ndipo imeneyi yokha ndiyo yadula ngongole, n'kuisiya pa K204,837.

Mwezi wachiwiri masamu ayambira pa K204,837. Chiwongoladzanja chatsika kufika pa K10,242, ndiye K99,921 ikadula ngongole, n'kutsala K104,916. Mwezi womaliza chiwongoladzanja ndi K5,246 chabe, ndipo zina zonse zikatseka ngongoleyo. Ndalama yotuluka m'chikwama sinasinthe, koma m'kati mwake gawo la chiwongoladzanja likuphwa pomwe gawo lodula ngongole likukula. Chiwongoladzanja chonse chakwana K30,488.

Tsono pali obwereketsa ena omwe amawerengera pa ndalama yoyamba ija mpaka kumapeto. Kumeneko mayiwa akadalipira K15,000 katatu, yomwe ndi K45,000. Onse akutchula 5 peresenti, koma kusiyana kwake ndi K14,512, chifukwa kwinaku mukulipirira ngakhale ndalama zomwe munabweza kale. Kuzindikira kwake n'kosavuta: yang'anani mzere wa chiwongoladzanja papepala lanu. Ngati nambala zake sizikutsika mwezi ndi mwezi, ndiye kuti sakuwerengera pa zotsala.

Masamuwa amasokonekera munthu akadumpha mwezi. Ngongole ikapanda kudulidwa, chiwongoladzanja chotsatira chimawerengedwabe pa ndalama yaikulu ija, ndipo nthawi zambiri pamabweranso chindapusa. Koma mukaonjezerako kangachepe koyambirira, ngongole imatsika msanga ndipo chiwongoladzanja cha miyezi yotsatira chimachepa, bola mgwirizano wanu ukhale wololeza kutero.

Dziwaninso kuti mabanki amakonda kutchula peresenti ya pachaka. Kuti muyerekeze ya pamwezi, igaweni ndi 12: 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi.

Choncho musanasaine, pemphani pepala loonetsa mwezi uliwonse ndalama yolipira, chiwongoladzanja, yodula ngongole ndi yotsala. Tengani foni, muwerengere nokha mizere iwiri yoyambirira. Ikagwirizana ndi zomwe anakuuzani pakamwa, apo ndiye gwirani cholembera.