Kuchonga Chimangirizo cha Chinyanja kwa Kalindawalo

Ana ambiri a m'dziko la Mfumu Kalindawalo, ku Petauke ndi ku Nyimba, amayankhula Chinsenga kwawo, koma pasukulu amalemba Chinyanja. Chifukwa chake mphunzitsi wochonga chimangirizo ayenera kuchiwerenga katatu, osasanganiza zolakwa.

Tiyese kuti mwana walembera mfumu kalata yodandaula za kutentha tchire. Poyamba mphunzitsi ayang'ane mfundo zokha. Mwana akalemba kuti kutentha nkoipa popeza sikwabwino, wangobwereza mawu, ndipo palibe chimene watsimikiza. Koma akati moto umatha udzu wofolerera nyumba ndi msipu wa ng'ombe, wapereka zifukwa, ndipo alandire malikisi.

Kachiwiri ayang'ane ulemu wa mawu. Mfumu saitchula "iwe", koma "inu". Pomwepo aonenso mawu a Chinsenga amene alowerera, monga "vinthu" m'malo mwa "zinthu", kapena "lini" pokana. Awalembe mzere kunsi ndi kuikapo a Chinyanja, koma asanyoze mwanayo, pakuti kwawo mawuwo ngolondola.

Kachitatu ndi kalembedwe, ndipo apa wochonga achenjere. Malamulo a ku Malawi a 1973 amalemba "chimanga", koma amene Unduna wa Maphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amalemba "cimanga". Mwana wa ku Nyimba wolemba "cimanga" sanalakwe. Walakwa akalemba "cimanga" pamwamba ndi "chimanga" pansi.

Cholakwa chimodzi chikabwerezedwa kakhumi, chiwerengedwe kamodzi, kuti chilembo chimodzi chisamize mfundo zabwino.