Usiku umene wotchi ya seva imalumpha ola

Kuno kwathu 1 koloko ya usiku imabwera kamodzi patsiku, chaka chonse. Ku Mangalande si choncho. Lamulungu lomaliza la Malichi, wotchi ikafika pa 1 koloko usiku amaikankhira pa 2 koloko, kuti dzuwa la chilimwe chawo lizilowa mochedwerapo. Lamulungu lomaliza la Okutobala, ikafika pa 2 koloko amaibweza pa 1 koloko. Choncho pachaka pali tsiku limodzi la maola 23 ndi lina la maola 25. Mu 2026 masikuwo ndi 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Anthu ali m'tulo nthawi imeneyo, koma maseva, makompyuta amene amagwira ntchito za mabanki, masitolo ndi maofesi usana ndi usiku, ali pakalikiliki.

Ntchito zambiri za seva amazipatsiratu nthawi: kusunga kope la mafayilo, kutseka maakaunti a tsikulo, kutumiza malipoti. Pa maseva a Linux, kapitawo wa ntchito zoterezi amakhala pulogalamu yotchedwa `cron`. Mphindi iliyonse imayang'ana wotchi n'kuona ngati pali mzere wogwirizana ndi nthawiyo. Mzere wake umaoneka chonchi:

```
30 1 * * * /usr/local/bin/tseka-tsiku
```

Nambala yoyamba ndi mphindi, yachiwiri ndi ola, ndipo tinyenyezito tikutanthauza tsiku lililonse. Ndiye kuti ntchitoyi iziyamba 1:30 usiku. Funso limene mzerewu suyankha ndi lakuti 1:30 ya kuti. Pulogalamuyo imangotsata chigawo cha nthawi chimene sevayo anaitchera. Ngati anaitchera pa `Europe/London`, pa 29 Malichi kulibe 1:30, chifukwa wotchi imachoka pa 00:59 n'kugwera pa 02:00. Pa 25 Okutobala 1:30 ilipo kawiri. Pulogalamu yongoyang'ana wotchi popanda kuganizira zimenezi idzaphonya ntchitoyo mu Malichi, ndipo mu Okutobala idzaigwira kawiri. Ikakhala yodula makasitomala ndalama, ena adzadulidwa kawiri.

Olemba mapulogalamu anaziona kalekale. Mtundu wa `cron` wa pa Debian ndi Ubuntu umati wotchi ikalumphira kutsogolo ndi maola osakwana atatu, ntchito ya ola lodumphidwalo umaigwira pompopompo wotchi itangolumpha. Ikabwerera m'mbuyo, ntchito imene yagwiridwa kale suibwereza. Koma chitetezochi n'cha ntchito zokhala ndi ola lakelake. Ntchito ya ola lililonse, monga `30 * * * *`, imangotsata wotchi, ndipo pa 25 Okutobala idzayenda ka 25. Zimenezo si zolakwika, popeza maola ndi 25 ndithu. Vuto limabwera ngati fayilo imene ntchitoyo imatulutsa imapatsidwa dzina potengera nthawi ya pakhoma: fayilo ya 1:30 yachiwiri imafufuta ya 1:30 yoyamba, ndipo zolembedwa za ola lathunthu zimasowa mwakachetechete. Komanso si mapulogalamu onse oika nthawi amene amachita ngati a Debian. Aliyense awerenge malangizo a pulogalamu imene ili pa seva yake.

Kwa ife, msampha waukulu uli pena, ndipo palibe `cron` ingatiteteze. Malawi ali maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, ndipo sasuntha. Londoni imafanana ndi UTC m'nyengo yawo yozizira, koma m'chilimwe imakhala ola limodzi patsogolo. Motero pakati pa Lilongwe ndi Londoni pamakhala maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala, ndi ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa Malichi.

Tiyerekeze kampani yotumiza ndalama za abale athu a ku Mangalande. Seva ya ku Londoni imasonkhanitsa mndandanda wa olandira n'kuutumiza 6 koloko m'mawa, nthawi ya kumeneko. Seva ya ku Lilongwe imautenga 7:30 kuti ndalama zilowe m'mafoni anthu asanayambe ntchito. Dongosololi analikonza mu Juni, pamene 6 koloko ya ku Londoni ndi 7 koloko ya kuno. Mpata wa theka la ola unalipo, zonse zinkayenda bwino miyezi inayi. Pa 25 Okutobala Londoni ibweza wotchi, ndipo 6 koloko yawo isanduka 8 koloko yathu. Seva ya ku Lilongwe ifika 7:30, mndandanda wa lero usanabwere. Ikakhala yolembedwa mosamala, iima n'kudandaula. Ikapanda kutero, itenga fayilo imene yaipeza pamalopo, yomwe ndi ya dzulo, n'kulipiranso anthu adzulo. Mayi wa ku Mchinji amene akudikira ndalama ya feteleza kuchokera kwa mwana wake saona kanthu pafoni.

Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti palibe seva imene yalakwa. Iliyonse yagwira ntchito pa nthawi imene inauzidwa, ndipo m'kaundula wa iliyonse mwalembedwa kuti zatheka. Vutoli silitha palokha mawa lake, likhalapo mpaka Malichi. Amene akugwira ntchito ndi maseva a ku Amereka ali ndi masiku enanso oti awasunge, chifukwa kumeneko amasintha Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala. Pamakhala masabata angapo pamene New York yasuntha koma Londoni isanasunthe.

Chizindikiro chake sichivuta kuchiona ukachidziwa. Chinthu chachedwa kapena chafulumira ndi ola limodzi ndendende, ndipo chayamba Lamulungu kapena Lolemba la kumapeto kwa Malichi kapena Okutobala. Malamulo awiri awa amaulula zambiri:

```
timedatectl
zdump -v -c 2026,2027 Europe/London
```

Loyamba limaonetsa chigawo chimene seva ikutsata. Lachiwiri limatchula tsiku ndi sekondi imene chigawocho chisinthe m'chakacho. Mukayesa ndi `Africa/Blantyre` simupeza kusintha kulikonse.

Mankhwala oyamba ndi kutchera maseva onse awiri pa UTC, kumene kulibe ola losowa kapena lobwereza. Mndandanda uzichoka 05:00 UTC n'kutengedwa 05:30 UTC, yomwe ndi 7:30 kuno chaka chonse. Koma UTC si yankho la zonse. Ntchito imene yamangirira pa moyo wa anthu a ku Londoni, monga lipoti lofunika 9 koloko potsegula ofesi, idzayamba kufika pa ola lina theka la chaka mukaiika pa UTC. Yoteroyo ipatsidwe dzina la chigawo, `Europe/London`, osati nambala yokhazikika ya maola, ndipo isaikidwe pakati pa 1 ndi 3 koloko usiku. Ndandanda ya zigawo, `tzdata`, izikonzedwanso pafupipafupi, pakuti maboma amasintha malamulo: mu Malichi 2023 Lebanoni inalengeza zochedwetsa kusintha wotchi kutatsala masiku ochepa chabe.

Kwa ine chofunika koposa ndi kuleka kudalira wotchi pa zinthu zimene wotchi singatsimikize. Seva ya ku Lilongwe iziyamba yaona deti la mndandanda, n'kukana wa dzulo. Ntchito yolipira izisunga chizindikiro chakuti tsiku lakutilakuti lalipidwa kale, kuti ngakhale itadzutsidwa kawiri, kachiwiriko isagwire ndalama ya munthu. Inu amene mumayang'anira seva yolumikizana ndi kunja, lembani `crontab -l` lero, ndipo pa mzere uliwonse mufunse kuti ola limeneli ndi la kuti, ndipo likudikira ntchito ya ndani. Muchite zimenezi Lamulungu lomaliza la Okutobala lisanafike.