Kamzere kapansi kamene kamadya malikisi

Ndikafika pa phunziro la masamu lowerenga manambala athunthu a pakati pa malire awiri m'kalasi la Fomu 2, ndimayamba ndi nkhani ya kumunda. Mzere ndi wotalika mamita 5, ndipo mukudzala chimanga motalikanitsa masentimita 25, kuyambira kumutu mpaka kumathero. Mapando akhala angati? Ana amayankha mofuula kuti 20, pakuti 500 kugawa ndi 25 ndi 20. Koma 20 ameneyo ndi mipata ya pakati pa mapando. Mapandowo ndi 21, chifukwa phando loyamba mumalikumba musanayeze mpata uliwonse. Mukasiya mutu umodzi osadzala atsala 20, mukasiya mitu yonse iwiri atsala 19.

Funso la masamu lofuna kudziwa kuti ndi manambala athunthu angati ali pakati pa malire awiri ndi mzere womwewu, kungoti wavala zizindikiro. Chizindikiro cha < chimati nambala ya pamalire musaitenge. Chikakhala ndi kamzere pansi, ≤, ndiye kuti itengeni nayonso. Choncho 3 ≤ x ≤ 11 ali ndi manambala 9, kuyambira 3 mpaka 11. Mukafufuta kamzere kamodzi atsala 8, mukafufuta tonse tiwiri atsala 7.

Pa mayeso sakupatsani x ali yekha chonchi, amamubisa. Nachi chitsanzo: −7 < 3x + 2 ≤ 14. Chimene mwachita pakati muchitenso kumanzere ndi kumanja. Chotsani 2 mbali zonse zitatu, mupeza −9 < 3x ≤ 12. Gawani ndi 3, mupeza −3 < x ≤ 4. Apa ine ndimaletsa ana kuthamangira kuwerenga. Ndimati ayambe alemba nambala yoyamba yololedwa ndi yomaliza yololedwa. Kumanzere kulibe kamzere, ndiye −3 watsala panja ndipo woyamba ndi −2. Kumanja kamzere kalipo, womaliza ndi 4. Tsopano chotsani woyamba kwa womaliza n'kuwonjezera 1, phando la kumutu lija: 4 − (−2) + 1 = 7. Amene akukayika awerenge ndi zala: −2, −1, 0, 1, 2, 3, 4.

Ndikamachonga, yankho lolakwa limandiuza lokha pamene mwana wapunthwa. Wolemba 8 watenga −3. Wolemba 6 kawirikawiri walumpha ziro, ngati kuti ziro si nambala, kapena waiwala kuwonjezera 1. Kudziyesa n'kosavuta: bwezani nambala ya pamalire m'funso la 3x + 2 lija. Mukaika −3, pakati pamatuluka −7, ndipo −7 sangachepere −7 mnzake. Mukaika 4 pamatuluka 14, amene kamzere kamulola. Muyang'anenso mawu a funso. Ngati likufuna manambala oyambira pa ziro kupita m'mwamba okha, −2 ndi −1 achoka ndipo yankho ndi 5.

Pali kaphunzitsidwe kena kamene sindigwirizana nako, koloweza ana kuti ukaona < chotsa 1. Kamagwira ntchito pokhapokha malire akakhala nambala yathunthu. Tisinthe mbali ya kumanja ya funso lija ikhale 3x + 2 < 15. Apa 3x < 13, ndipo 13 kugawa ndi 3 ndi 4 ndi kachidutswa, pafupifupi 4.33. Mwana woloweza amaona 4, amaona <, n'kulemba 3. Komatu 4 ndi wochepera 4.33, ali m'kati bwinobwino. Malire akagwera pakati pa mapando awiri, kamzere kakhalepo kapena kasakhalepo, chiwerengero sichisintha, chifukwa palibe phando pamalirepo loti mulitenge kapena kulisiya. Ine ndemwe ndinkaphunzitsa moloweza chonchi chaka changa choyamba, mpaka mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga 4 walakwa chiyani?" Ndinayang'ana pa bolodi, yankho ndinalibe.

Msampha wina umabwera x akakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, monga 1 ≤ 5 − 2x < 9. Kuchotsa 5 kumatipatsa −4 ≤ −2x < 4. Pogawa ndi −2 zizindikiro zonse ziwiri zimatembenuka: 2 ≥ x > −2. Ambiri amakumbukira kutembenuza, koma polembanso kuti nambala yaing'ono ikhale kumanzere amasiya kamzere pamalo pake pakale, n'kupeza −2 ≤ x < 2. Kamzere kamayenda ndi nambala yake, ndiye cholondola ndi −2 < x ≤ 2, kutanthauza −1, 0, 1, 2. Chopusitsa n'chakuti njira zonse ziwiri zimapereka manambala 4. Ndiye chifukwa chake pa funso lotere sindifunsa chiwerengero chokha, ndimati awalembe onse ndiwaone.